Mmene mungagawire makasitomala m'magulu a mwezi kuti mudziwe ngati amabweranso kudzagula

Mwini shopu ya pa intaneti akafuna kudziwa ngati makasitomala ake ndi okhulupirika, kawirikawiri amatenga anthu onse amene agula mwezi umenewo n'kuona kuti pa anthuwo ndi angati amene anagulapo kale. Chiwerengero chimenechi n'chosavuta kuchipeza, koma chimasocheretsa chifukwa chimasakaniza zinthu ziwiri zosiyana, zomwe ndi kuchuluka kwa anthu atsopano amene abwera ndiponso khalidwe la anthu akale. Anthu atsopano akachuluka chimatsika ngakhale akale asanasinthe chilichonse, ndipo atsopano akachepa chimakwera ngakhale akale akuthawa. Njira yodalirika ndi yoika makasitomala m'magulu malinga ndi mwezi umene anagula koyamba, kenako n'kulondola gulu lililonse palokha mwezi ndi mwezi. Zili ngati mmene zimakhalira kusikelo ya ana, kumene mwana samuyerekezera ndi ana onse amene abwera tsiku limenelo koma ndi kulemera koyenera mwana wa miyezi yake.

Kuti njirayi ioneke bwino, tiyerekeze shopu imene imagulitsa sopo ndi mafuta odzola pa intaneti, imene inayamba malonda mu Januwale 2025, ndipo mwini wake wakhala pansi kumayambiriro kwa Julayi kuti aunike miyezi isanu ndi umodzi yoyambayo. Manambala onse a shopuyi ndi ongoyerekezera, koma masamu ake ndi amene inunso mudzachite pa maoda anu.

Kukonza mndandanda wa maoda

Ntchito yoyamba, imene imadyanso nthawi yambiri kuposa zonse, ndi yokonza mndandanda wa maoda. Pamafunika zinthu zitatu zokha pa oda iliyonse: chizindikiro cha munthu amene wagula, tsiku limene wagula, ndi ndalama zimene walipira. Tulutsani maoda onse kuyambira tsiku limene shopu inatsegulidwa, osati a miyezi yokhayo imene mukufuna kuunika. Mukangotenga a chaka chino pamene shopu inayamba zaka ziwiri zapitazo, kasitomala wakale amene wagula mu Januwale adzaoneka ngati watsopano, ndipo gulu la Januwale lidzaoneka lokhulupirika modabwitsa chifukwa ladzaza ndi anthu amene anakuzolowerani kalekale. Chizindikiro cha vutoli n'chakuti gulu loyamba pa tebulo limakhala lalikulu kwambiri komanso labwino kuposa ena onse popanda chifukwa chodziwika. Ngati maoda akale mulibe, muchotse magulu a miyezi itatu kapena kuposerapo yoyambirira ndipo muyambe kukhulupirira tebulo kuchokera pamenepo.

Kenako chotsani maoda amene sanathere pa malonda enieni, monga amene anathetsedwa, amene sanalipiridwe, amene katundu wake anabwezedwa yense, ndi amene inu eni munachita poyesa ngati tsamba likugwira ntchito. Munthu amene anaika oda n'kulephera kulipira, kenako n'kuikanso ina patapita mphindi khumi, wagula kamodzi, ndipo mukasiya maoda onse awiri mudzamuwerenga ngati wobwereranso.

Vuto lalikulu lili pa chizindikiro cha munthu. Mashopu ambiri kwathu kuno amazindikira kasitomala ndi nambala ya foni, ndipo nambala imodzi imalembedwa m'njira zingapo: wina amayamba ndi 0, wina ndi +265, wina amaika mipata pakati, ndipo sipuredishiti, monga Excel kapena Google Sheets, yokha imachotsa 0 woyambirira ikaona ngati ndi nambala yowerengera. Kompyuta imaona anthu atatu kapena anayi pamene pali munthu mmodzi, ndipo zotsatira zake n'zakuti atsopano amachuluka pamene obwereranso amachepa. Popeza manambala a foni za m'manja ku Malawi ali ndi manambala 9 ukachotsa 0 kapena 265, njira yachidule ndi yochotsa mipata n'kusunga 9 omalizirawo. Tinene kuti kolamu A ili ndi foni, B ili ndi tsiku ndipo C ili ndi ndalama. Mu kolamu D lembani izi:

```
=RIGHT(SUBSTITUTE(A2," ",""),9)
```

Musamalenso kuti ndi foni iti imene mukugwiritsa ntchito. Nambala imene yatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba nthawi zina imakhala ya ejenti wa pamsika kapena ya wachibale, moti anthu khumi osadziwana akhoza kuoneka ngati munthu mmodzi wokonda kugula. Nambala imene munthu wapereka kuti mumuimbire katundu akafika ndi imene imakhala yake nthawi zambiri. Mukamaliza, sanjani mndandanda kuti muone manambala amene ali ndi maoda ambiri, ndipo khumi apamwambawo muwayang'ane ndi maso. Kumeneko n'kumene mumapeza maejenti ndiponso anthu amene amapikula katundu wanu kuti akagulitse. Opikulawo ndi makasitomala enieni, koma kagulidwe kawo ndi kosiyana ndi ka munthu wogulira pakhomo pake, choncho ndi bwino kuwaika padera.

Kupatsa oda iliyonse gulu ndi msinkhu wake

Mndandanda ukayera, oda iliyonse iyenera kulandira zinthu ziwiri: gulu la mwini wake, ndi miyezi imene yadutsa chigulireni koyamba, imene pano tiitchule kuti msinkhu. Mafomula atatu otsatirawa alowe mu kolamu E, F ndi G motsatana, ndipo muwakokere mpaka pansi pa mndandanda.

```
=MINIFS(B:B,D:D,D2)
=DATE(YEAR(E2),MONTH(E2),1)
=(YEAR(B2)-YEAR(E2))*12+MONTH(B2)-MONTH(E2)
```

Yoyamba imafufuza tsiku loyambirira limene munthuyo anagula, yachiwiri imasandutsa tsikulo kukhala tsiku loyamba la mwezi kuti onse a mwezi umodzi akhale ndi dzina limodzi la gulu, ndipo yachitatu imawerenga msinkhu. Munthu amene anagula koyamba mu Febuluwale n'kugulanso mu Meyi ali m'gulu la Febuluwale mpaka kalekale, ndipo oda yake ya mu Meyi ili pa msinkhu 3. Fomula ya MINIFS imapezeka mu Google Sheets ndiponso mu Excel 2019 ndi ina yatsopano kuposa pamenepo. Ikatulutsa 0 kapena masiku a m'chaka cha 1900, nthawi zambiri ndiye kuti masiku a mu kolamu B analowa ngati mawu wamba osati ngati masiku, ndipo muyambe mwakonza zimenezo.

Tsopano pangani Pivot Table, lomwe ndi tebulo limene sipuredishiti imapanga powerengetsera mndandanda wanu m'magulu, muike kolamu F kukhala mizere yopingasa, kolamu G kukhala mitu ya pamwamba, ndipo m'kati muwerenge kolamu D. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, chifukwa tebulo likasiyidwa lokha limawerenga maoda, pamene ife tikufuna kuwerenga anthu. Munthu amene wagula katatu mwezi umodzi ayenera kuwerengedwa kamodzi. Mu Google Sheets sankhani COUNTUNIQUE. Mu Excel chongani pa Add this data to the Data Model pamene mukupanga tebulo, kenako musankhe Distinct Count. Kuti mutsimikize kuti zayenda bwino, phatikizani manambala onse a pa msinkhu 0, ndipo ayenera kufanana ndendende ndi chiwerengero cha makasitomala onse amene shopu yakhala nawo.

Tebulo la shopu yathu yoyerekezera latuluka chonchi, ndipo m'kabokosi kalikonse muli anthu amene anagula pa msinkhu umenewo.

| Gulu | 0 | 1 | 2 | 3 | 4 | 5 |
|---|---|---|---|---|---|---|
| Januwale | 200 | 48 | 36 | 30 | 28 | 28 |
| Febuluwale | 180 | 45 | 34 | 27 | 25 | |
| Malichi | 420 | 71 | 46 | 34 | | |
| Epulo | 220 | 55 | 42 | | | |
| Meyi | 240 | 62 | | | | |
| Juni | 210 | | | | | |

Timabokosi topanda kanthu ta kumunsi chakumanja sitikutanthauza kuti palibe amene anagula, koma kuti nthawi yake sinakwane. Tisiyeni topanda kanthu ndipo musalembemo 0. Mwezi wa Julayi, umene wangoyamba kumene, musauike n'komwe, chifukwa masiku anayi kapena asanu a malonda akaikidwa pambali pa miyezi yathunthu amachititsa kuti magulu onse aoneke ngati agwa mwadzidzidzi kumapeto.

Chotsatira ndi kugawa kabokosi kalikonse ndi chiwerengero cha pa msinkhu 0 cha gulu lomwelo kuti mupeze maperesenti. Gulu la Januwale likupereka 24, 18, 15, 14 ndi 14 peresenti. La Febuluwale likupereka 25, 19, 15 ndi 14. La Malichi likupereka 17, 11 ndi 8. La Epulo lili pa 25 ndi 19, pamene la Meyi lili pa 26. Jambulani galafu ya mizere, msinkhu ukhale pansi, maperesenti akhale m'mbali, ndipo gulu lililonse likhale ndi mzere wake. Ine ndimalangiza kuti msinkhu 0 musauike pa galafu, chifukwa nthawi zonse umakhala 100 peresenti ndipo umapanikizira mizere yonse pansi moti kusiyana kwa 15 ndi 8 sikuonekanso.

Tisanapitirire, taonani zimene chiwerengero chosakaniza chija chikananena pa shopu yomweyi. Mu Malichi anthu akale amene anagula anali 36 a gulu la Januwale ndi 45 a gulu la Febuluwale, onse 81, pa ogula 501, zomwe ndi 16 peresenti. Mu Epulo akale anali 135 pa ogula 355, zomwe ndi 38 peresenti. Mwini shopu akanasangalala kuti kukhulupirika kwa makasitomala kwawirikiza kawiri m'mwezi umodzi, chonsecho chimene chachitika n'chakuti atsopano atsika kuchoka pa 420 kufika pa 220, ndipo gulu limene lawonjezera obwereranso ambiri mwezi umenewo ndi lomwe lili lofooka kuposa onse.

Kuwerenga mzere wa pa galafu

Munthu akaona galafuyi koyamba, maso ake amathamangira pa kugwa koyamba, kuti pa anthu 200 ndi 48 okha amene anabweranso mwezi wotsatira. Kugwa kumeneku kumapezeka pafupifupi m'shopu iliyonse, chifukwa pa ogula koyamba pamakhala ambiri amene amangoyesa, amene amagulira munthu wina mphatso, kapena amene katundu wawo sanathe. Funso lenileni la kukhulupirika lili kumapeto kwa mzere: kodi ukupitirira kutsika mpaka kukhudza pansi, kapena wafika poti wagona n'kumayenda mopingasa? Mzere wa Januwale watsika ndi mapointi 6, kenako 3, kenako 1, kenako sunatsikenso. Kutsika kukucheperachepera, ndipo mzere wagona pa 14 peresenti. Zimenezi zikutanthauza kuti m'gululi muli anthu amene aika shopuyi m'chizolowezi chawo, ndipo gulu lililonse latsopano lofanana nalo limaunjika ogula okhazikika pamwamba pa akale. Shopu imene mizere yake imagona imakula ngakhale chiwerengero cha atsopano chisakwere. Imene mizere yake imatsikabe mpaka pafupi ndi 0 iyenera kugula makasitomala atsopano mwezi uliwonse ndi ndalama zotsatsira malonda, ndipo tsiku limene yasiya kutsatsa malonda ake amaima.

Komabe musafulumire kunena kuti mzere wagona mutangoona mfundo ziwiri zofanana. Miyezi iwiri ya 14 peresenti ndi chizindikiro chabwino, ndipo gulu la Febuluwale likuchitira umboni chifukwa nalo lafika pa 14 pa msinkhu 4, koma ine ndingadikire miyezi itatu yotsatizana m'magulu awiri kapena atatu ndisanakonze bajeti modalira chiwerengerochi.

Pali chinthu china chimene mzere wogona umabisa. Anthu 28 a pa msinkhu 4 si onse amene alinso pa 28 a pa msinkhu 5. M'shopu mulibe pangano loti munthu azigula mwezi uliwonse, ndipo kasitomala akasiya sabwera kudzatsanzika. Wina amagula pakatha miyezi iwiri iliyonse, wina amasowa miyezi inayi n'kutulukira. Choncho 14 peresenti sikutanthauza kuti 86 peresenti anachoka, koma kuti m'mwezi uliwonse pafupifupi 14 pa anthu 100 a gululi amagula. Kuti mudziwe kukula kwa khamu limene limasinthanasinthana chonchi, bwererani ku tebulo, sefani kuti patsale maoda a msinkhu 1 kupita m'tsogolo, chotsani mitu ya pamwamba, ndipo muwerenge anthu osabwereza pa gulu lililonse. Tinene kuti gulu la Januwale latulutsa 82. Ndiye kuti 41 peresenti ya gululi inabweranso kamodzi kapena kuposerapo m'miyezi isanu, ndipo chithunzi chasintha kwambiri. Ziwerengero ziwirizi zimayankha mafunso osiyana. Cha 41 peresenti chimakuuzani ngati kugula koyamba kumakhutiritsa munthu mpaka kubweranso, ndipo chimangokwera nthawi ikamapita. Cha 14 peresenti chimakuuzani ngati chizolowezi chikupitirira, ndipo ndi chimene chimatha kutsika n'kukuchenjezani. Polemba lipoti muzinena momveka kuti mukugwiritsa ntchito chiti, chifukwa anthu awiri akhoza kukangana tsiku lonse za shopu imodzi wina atagwira 14 wina 41.

Kutalika kwa nthawi imene mwasankha kuyeneranso kugwirizana ndi katundu wanu. Ngati botolo la mafuta limatha pakadutsa miyezi iwiri, mzere wa mwezi ndi mwezi umakwera n'kutsika ngati mano a sowo, wotsika pa msinkhu 1, wokwera pa 2, wotsikanso pa 3. Zikatero werengani m'zigawo za miyezi iwiri kapena itatu. Wogulitsa mipando kapena mafiriji sangayeze kukhulupirika ndi tebulo la mwezi, chifukwa ngakhale kasitomala wokhutira kwambiri alibe chifukwa chobwerera msanga, ndipo ayenera kuyang'ana pa chaka. Njira yodziwira kutalika koyenera ndi kuwerenga masiku a pakati pa oda yoyamba ndi yachiwiri kwa onse amene anagula kawiri, n'kutenga chiwerengero chapakati ndi fomula ya MEDIAN.

Kuwerenga motsika ndi mopendekera

Mzere wopingasa wa tebulo umafotokoza moyo wa gulu limodzi. Kuwerenga kolamu motsika kumayerekeza magulu pa msinkhu wofanana, ndipo ndi njira yokhayo yachilungamo yodziwira ngati makasitomala amene mukupeza panopa ndi abwino kuposa akale. Pa msinkhu 1 tili ndi 24, 25, 17, 25 ndi 26. Magulu anayi ali pamodzi, ndipo la Malichi lapatuka.

Musanayambe kufunafuna chifukwa cha kusiyana kulikonse, dzifunseni ngati kusiyanako n'kwenikweni. Gulu likakhala laling'ono, mwayi wokha umasuntha maperesenti. Pa gulu la anthu 40, munthu mmodzi ndi mapointi 2.5, moti anthu awiri akachedwa kulandira malipiro mzere umaoneka ngati wagwa. Muyeso wachidule wa mmene chiwerengero chingasunthire mwangozi ndi uwu, pa gulu la anthu 200 limene lili pa 15 peresenti:

```
=2*SQRT(0.15*0.85/200)
```

Yankho lake ndi pafupifupi 0.05, kutanthauza mapointi 5 kumwamba kapena kumunsi. Choncho kukwera kuchoka pa 24 kufika pa 26 si nkhani yoitanira msonkhano. Koma gulu la Malichi ndi lalikulu, ndipo lili pansi pa anzake pa misinkhu yonse itatu, ndi mapointi 7 mpaka 9 nthawi iliyonse, zomwe mwayi wokha sungafotokoze mosavuta. Ngati magulu anu sakwana anthu 100, aphatikizeni m'zigawo za miyezi itatu kuti mizere ikhazikike.

Njira yachitatu ndi yowerenga mopendekera, kuchokera kumunsi chakumanzere kukwera chakumanja. Timabokosi ta pa mzere wopendekera umodzi tonse ndi ta mwezi umodzi wa pa kalendala: msinkhu 3 wa Januwale, msinkhu 2 wa Febuluwale ndi msinkhu 1 wa Malichi zonsezi zinachitika mu Epulo. Magulu onse akatsika pa mzere wopendekera umodzi, vuto si la makasitomala koma la mwezi umenewo, mwina katundu wokondedwa anatha, mwina njira yolipirira inavuta, mwina mitengo inakwera. Shopu imene inali pa malonda mu Novembala 2023, pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, iyenera kuyang'ana mzere wopendekera wa mwezi umenewo ndi wotsatira isanaweruze gulu lililonse. Chimodzimodzinso ndi Disembala, pamene anthu amagula kwambiri, ndi Januwale, pamene fizi ya ana imakhala itatenga ndalama m'matumba. Pa tebulo lathu palibe mzere wopendekera umene watsika, choncho vuto la Malichi lili mwa anthu amene analowa mwezi umenewo.

Kufukula gulu la Malichi

Mu Malichi shopuyi inalengeza malonda pa masamba a mchezo ndipo inapereka kodi yotsitsira mtengo kwa ogula koyamba. Apa mpamene pamafunika kolamu ina pa mndandanda, yosonyeza ngati oda yoyamba ya munthu inali ndi kodi kapena ayi. Chizindikirocho chiyenera kuchokera pa oda yoyamba yokha ndipo chimutsatire munthuyo pa maoda ake onse, chifukwa mukasefa ndi kodi ya pa oda iliyonse mudzataya maoda obwereza amene analipiridwa mtengo wonse.

Gululi likagawidwa, tikupeza kuti anthu 180 anagula popanda kodi, ndipo mwa iwo anabweranso 45, 34 ndi 27, zomwe ndi 25, 19 ndi 15 peresenti, mofanana ndi magulu ena onse. Anthu 240 anagula ndi kodi, ndipo mwa iwo anabweranso 26, 12 ndi 7, zomwe ndi 11, 5 ndi 3 peresenti. Mzere umodzi wa 17, 11, 8 unali kubisa mizere iwiri yosiyana kotheratu, wina wogona ndipo wina wotsetsereka kupita pansi, umene mwezi uliwonse ukutaya pafupifupi theka la amene anatsala.

Tsopano tiike ndalama. Tinene kuti oda ya mtengo wonse imasiya phindu la K6,000, kuti kutsitsa mtengo kunadya phindu lonse la oda yoyamba, ndiponso kuti kulengeza kunadya K720,000, zomwe ndi K3,000 pa munthu aliyense wa anthu 240 aja. Ngati aliyense wobwereranso anaika oda imodzi pa mwezi, m'miyezi itatu gululi labweretsa maoda 45, omwe phindu lake ndi K270,000. Patsala K450,000 kuti ndalama zibwerere. Ngakhale anthu 7 aja atapitiriza kugula mwezi uliwonse osachepanso, akubweretsa K42,000 pa mwezi, ndipo pafunika miyezi ina pafupifupi 11. Popeza mzere wawo sunagone, n'zotheka kuti ndalamazo sizidzabwerera n'komwe. Poyerekeza, anthu 200 a Januwale anabweretsa maoda obwereza 114 m'miyezi itatu yoyamba, omwe ndi K3,420 pa munthu aliyense, pamene a kodi abweretsa K1,125 pa munthu.

Chigamulo choyenera pano si chakuti kutsitsa mtengo n'koipa nthawi zonse, ndipo tebuloli silingatsimikize kuti kodi ndi imene inachititsa. Mwina malo amene malondawo analengezedwa ndi amene anakoka anthu osayenera, kapena katundu amene anatsitsidwa ndi wa mtundu umene sugulidwa kawirikawiri. Tebulo la magulu limasonyeza pamene pali vuto, ndipo chifukwa chake chimapezeka poyesa. Ulendo wotsatira mwini shopu asinthe chinthu chimodzi chokha, mwachitsanzo apereke kodi pa oda yachiwiri m'malo mwa yoyamba kwa theka la ogula atsopano osankhidwa mwachisawawa, kenako ayerekeze mizere ya magawo awiriwo pa misinkhu yofanana.

Mzere umodzi woimira shopu yonse

Nthawi zina mumafuna mzere umodzi wa avereji kuti muonetse anzanu kapena amene anakubwerekani ndalama. Pa msinkhu uliwonse phatikizani obwereranso a magulu okhawo amene afika pa msinkhuwo, ndipo mugawe ndi kukula kwa magulu omwewo. Pa msinkhu 3 afika ndi Januwale, Febuluwale ndi Malichi okha, choncho ndi 91 kugawa ndi 800, zomwe ndi 11 peresenti. Mukagawa ndi makasitomala onse 1,470 mupeza 6 peresenti, chifukwa mwawerenga anthu 670 amene sanapatsidwe mpata wofika pamenepo ngati kuti anakana kubwera. Dziwaninso kuti mzere wa avereji wa shopuyi udzakwera kuchoka pa 11 pa msinkhu 3 kufika pa 14 pa msinkhu 4, osati chifukwa anthu ayambiranso kugula, koma chifukwa gulu lofooka la Malichi silinafike pa msinkhu 4 ndipo latuluka m'masamuwo. N'chifukwa chake pansi pa mfundo iliyonse ya avereji muzilemba chiwerengero cha anthu amene alowamo.

Pomaliza pali malire a kuwerenga ndi miyezi ya pa kalendala. Munthu amene wagula pa 30 Januwale n'kugulanso pa 2 Febuluwale amawerengedwa pa msinkhu 1 patangodutsa masiku atatu, pamene amene wagula pa 2 Januwale n'kugulanso pa 28 Januwale amakhalabe pa msinkhu 0 ndipo kubweranso kwake sikuoneka. Pa magulu aakulu amene anthu ake amalowa mwezi wonse mofanana zimenezi zimakwirirana, koma ngati malonda anu amaunjikana kumapeto kwa mwezi anthu akalandira malipiro, kapena ngati kutsatsa kunachitika m'sabata yomaliza, msinkhu 1 umakwera mwachinyengo. Zikatero sinthani fomula ya kolamu G kuti iziwerenga zigawo za masiku 30 kuchokera pa tsiku loyamba la munthu aliyense:

```
=INT((B2-E2)/30)
```

Mukasintha chonchi, kabokosi kamakhala kathunthu pokhapokha munthu womaliza kulowa m'gulu atamaliza chigawo chakecho. Kwa gulu la Meyi, amene anagula pa 31 Meyi amamaliza msinkhu 1 patadutsa masiku 60, cha kumapeto kwa Julayi, choncho pa tebulo lopangidwa kumayambiriro kwa Julayi kabokosi kameneko kayenera kukhala kopanda kanthu. Maoda obwereza a m'masiku 30 oyambirira amakhalabe pa msinkhu 0, ndipo muwawerenge padera potenga anthu amene ali ndi oda ya pa msinkhu 0 imene tsiku lake mu kolamu B ndi la m'tsogolo kuposa la mu kolamu E.